Jekete ya kaunjika pa intaviyu: kodi tinamulakwira mnyamata uja?

Nachisale:
Moni nonse pagulu pano. Pali nkhani yomwe yandisowetsa tulo kuyambira Lachitatu. Kuntchito kwathu timafuna kalaliki wolemba katundu wolowa ndi wotuluka m'nkhokwe, ndipo ine ndinali mmodzi mwa anthu atatu ofunsa mafunso. Pamapeto panatsala anyamata awiri. Mayina ayi, ndingoti wa suti ndi wa jekete.

Fomu yathu imagawa malikisi 100 motere: 40 mayeso olemba, 40 mafunso apakamwa, 20 maonekedwe. Wa jekete anapeza 34 polemba ndi 29 pakamwa. Wa suti anapeza 27 polemba ndi 30 pakamwa. Kufika apa wa jekete ali ndi 63, mnzakeyo 57. Koma pa maonekedwe wa suti tinamupatsa 18, wa jekete 8. Ndiye 75 kwa 71, ntchito yapita kwa wa suti.

Mnyamata wa jekete sanali wauve. Shati inali yochapa, yosita bwino. Koma kolala inali itadyeka m'mphepete, jekete inkachita kuoneka kuti ndi ya kaunjika, yaikulu m'mapewa, ndipo zidendene za nsapato zinali zitatha mbali imodzi. Ine ndinamupatsa 10, mnzanga 8, abwana 6. Atatuluka abwana anati, "Munthu wolephera kudzisamala angasamale katundu wathu?" Ine ndinangogwedeza mutu. Kodi tinalakwa, kapena ndikungodzivuta?

Bambo a Tadala:
Simunalakwe mayi. Intaviyu ndi tsiku limodzi. Ngati munthu akuifunadi ntchito amabwereka suti kwa mnzake. Kusabwereka kumeneko ndiye kukuonetsa kuti alibe nazo ntchito.

Nangozo:
Abwereke kwa ndani, Bambo a Tadala? Wosauka anzake amakhalanso osauka. Mwina jekete imeneyo ndiye yobwereka kale.

Che Telala:
Ndiloleni ndilowepo, chifukwa zovala za anthu zadutsa m'manja mwanga zaka zoposa makumi awiri. Mayi Nachisale, chomwe maso anu anaona si kaunjika ayi. Palibe munthu amene angazindikire chovala cha kaunjika ngati chikumukwana mwini wake. Ndakonzapo majekete a m'belo omwe nsalu yake ndi kasokedwe kake zimaposa kutali suti zatsopano zotchipa zonyezimira zija. Mukatembenuza mkati mumapeza nsalu yotsala m'misoko yoti telala angakulitsire, mizere ya nsalu ikukumana bwino pa thumba, ulusi wothithikana. Zatsopano zotchipa zambiri mkati mulibe chotsala, ukafuna kukulitsa ulibe pogwira.

Chimene chimaulula munthu ndi mapewa. Msoko wolumikiza mkono wa jekete umayenera kuthera pomwe fupa la phewa lathera. Ukatsika ngakhale zala ziwiri zokha, jekete imaoneka ngati yapachikidwa pa mpando, ndipo aliyense amadziwa mumtima kuti inasokedwera munthu wina, ngakhale sangafotokoze wadziwa bwanji. Ndipo tsoka lake, mapewa ndi malo ovuta kukonza kuposa ena onse. Manja aatali timafupikitsa, m'chiuno timabweza, koma mapewa pamafunika kumasula manja onse awiri, kudula, kubwezeretsa. Ntchito yake nthawi zina imaposa mtengo womwe munthu anagulira jeketeyo. Ndiye wosauka amaivala momwemo.

Kolala nayo ili ndi nkhani yake. Imayamba kudyeka pamene imakhula khosi ndi pa nsonga ziwiri zakutsogolo. Kolala yodyeka koma yoyera imatanthauza shati yomwe yachapidwa ndi kusitidwa kambirimbiri. Kwa ine chimenecho ndi chizindikiro cha munthu wosamala amene ali ndi shati imodzi kapena ziwiri. Wosasamala kolala yake imakhala ndi mzere wakuda wa thukuta mkati. Abwana anu anawerenga chizindikiro chagada.

Nachisale:
Che Telala, mwandilasa. Kolala inali yoyera mbee, ndinaiona bwino chifukwa ndinakhala naye pafupi.

Mayi a Belo:
Ndaona anthu ayamba kunyoza kaunjika. Ife ogulitsa taphunzitsa ana ndi malonda amenewa. Ndipo mabwana omwewo amatuma anthu kudzasankha belo likangotsegulidwa m'mawa, kenako n'kumanama kuti anagula kunja. Tisanyozane chonde.

Nangozo:
Palibe wanyoza, amayi. Werenganinso bwino, Che Telala akuyamikira katundu wanu.

Mayi a Belo:
Pepani, ndinawerenga mothamanga. Koma mfundo yanga ikhalebe. Belo limodzi limaveka bwana ndi wantchito wake. Kusiyana n'kwakuti bwana amasankha poyamba, n'kupita nacho kwa telala. Wantchito amabwera madzulo kudzatola zotsala, ndipo zotsala ndi zija zazikulu kwambiri, zosuluka, za mabatani osiyana. Munthu wogula madzulo sasankha saizi, saizi ndiye imasankha iyeyo.

Aphunzitsi Opuma:
Mwana wanga Nachisale, ine ndikufuna tione masamu ako aja kaye, chifukwa nkhani yagona pamenepo.

Gawo la maonekedwe mwalipatsa 20. Tiyerekeze kuti linali la 10, inu n'kugawa mofanana ndi momwe munagawira: wa suti 9, wa jekete 4. Wa suti akanapeza 66, wa jekete 67. Ntchito ikanapita kwa wa jekete. Ndiye amene anasankha kalaliki wanu si inu atatu, koma munthu amene anakhala pansi tsiku lina n'kulemba 20 pa fomu, mwina osaganiza n'komwe. Funsa kuti anaika nambala imeneyo ndani, ndipo chifukwa chiyani pa ntchito yowerenga makatoni.

Chachiwiri ndi chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri. Mnyamata wopeza 34 polemba, pamene simumuona nkhope, watsika kufika 29 pamene mukumuona. Mnzake wa 27 wakwera kufika 30. Zitha kukhala zoona, ena amalemba bwino koma pakamwa amachita chibwibwi. Koma zithanso kutheka kuti jekete ija munaidula malikisi kawiri.

Sindikunena zongopeka. Mu 2019 akatswiri atatu, DongWon Oh, Eldar Shafir ndi Alexander Todorov, anatulutsa zotsatira za kafukufuku yemwe anachitira pa yunivesite ya Princeton ku America. Ankatenga chithunzi cha nkhope ya munthu mmodzi n'kuchiika pa zovala ziwiri, china chooneka cha wopeza bwino pang'ono, china cha wosauka pang'ono. Sizinali nsanza ayi, kusiyana kwake kunali kochepa. Kenako ankafunsa anthu kuti munthu uyu akuoneka wodziwa ntchito motani. Nkhope yomweyo ikakhala pa chovala cha wopeza bwino ankaiona ngati ya munthu wanzeru kwambiri. Zinkachitika ngakhale chithunzicho achionetse kanthawi kosakwana theka la theka la sekondi. Ndipo chondiopsa ine n'chakuti atawauza kuti musalabadire zovala, sizinathe. Ngakhale atawalonjeza ndalama, sizinathebe.

Ndiye kungouzana kuti tisamaweruze ndi maso sikokwanira. Diso limakhala litaweruza kale mwini wake asanakhale n'kukhala pansi.

Bambo a Tadala:
Aphunzitsi, ndiye mwandivomereza. Ngati dziko lonse limaweruza choncho, mnyamatayo aphunzire kuvala. Makasitomala nawonso adzamuweruza ndi diso lomwelo.

Aphunzitsi Opuma:
Ndakuvomerezani theka, bambo. Ikanakhala ntchito yolandira alendo kapena yotsatsa malonda, ndikanati pali pokambirana, ngakhale apo abwana anzeru amangopereka yunifolomu. Koma uyu akakhala m'nkhokwe ndi buku ndi cholembera. Makatoni saona kolala.

Kamwendo:
Zonsezi ndi maganizo achikale. Masiku ano olemera enieni savala suti. Steve Jobs ankavala juzi yakuda ndi jinzi tsiku lililonse, Mark Zuckerberg anatchuka ndi tisheti yotuwa. Achinyamata akugula jinzi yong'ambika dala m'mawondo. Zovala zinasiya kunena kanthu, abwana a Nachisale angotsalira m'mbuyo basi.

Che Telala:
Achimwene a Kamwendo, jinzi yong'ambika ku fakitale ndi yong'ambika pa thupi ine ndimazisiyanitsa ndili patali, ndipo nanunso mumazisiyanitsa, kungoti simudziwa. Ya ku fakitale imang'ambika pamwamba pa bondo ndi pa ntchafu kutsogolo, malo oti anthu aone, pamene nsalu yozungulira bowolo ikadali yolimba. Yotha ndi ntchito imayambira pakati pa miyendo pomwe ntchafu zimakhulana, pakamwa pa matumba, ndi kumunsi kumbuyo komwe imakwekwereza pansi. Palibe fakitale imene imabowola pakati pa miyendo kuti igulitse.

Aphunzitsi Opuma:
Ndipo majuzi akuda a Steve Jobs aja ankamukonzera ndi Issey Miyake, katswiri wotchuka wa zovala wa ku Japan. Sanali otola. Koma ngakhale akanakhala otola, dziko lonse linkadziwa kuti iye ndi ndani. Munthu wodziwika kuti angathe kugula suti akavala chosalira zambiri, anthu amati ndi wodzichepetsa kapena ndi wodzidalira. Munthu wosadziwika akavala chomwecho amati walephera. Chovala n'chimodzi, koma anthu amafunsa mumtima kuti kodi wasankha kapena wakakamizika.

Kamwendo:
Chabwino, pa jinzi ndagonja. Koma ndikuonabe kuti zikusintha. Agogo anga sankatuluka pakhomo opanda tayi, ine ndimapita kuntchito ndi tisheti ndipo palibe amandifunsa.

Nangozo:
Samakufunsani chifukwa akukudziwani, ndipo muli ndi makiyi a galimoto m'manja. Tsiku lina mudzapite wapansi ku ofesi komwe sakudziwani, ndi tisheti yomweyo, mudzatiuze kuti pageti munaima mphindi zingati.

Mlonda Wausiku:
Pa geti ndiye mwafika kwathu. Ndagwira ulonda m'malo atatu. Palibe bwana amene anandiuzapo poyera kuti wa suti uzimulowetsa, wa zigamba uzimufunsa. Koma ukamuimitsa wa suti n'kukhala kuti ndi mlendo wa abwana, umakalipiridwa. Ukamuimitsa wa zigamba n'kukhala kuti analidi ndi chifukwa chobwerera, palibe amakukalipira. Ndiye pakatha mwezi umodzi thupi lako limaphunzira lokha.

Malo ena omwe ndinkagwira masana, kunabwera bambo wina atatchena, tayi, chikwama chachikopa, akulankhula pa foni. Anangondikwezera dzanja, ine sawasha, kutsegula. Patatha mphindi makumi awiri anatuluka momwemo. Madzulo kunapezeka kuti laputopu ya mu ofesi ina yasowa. Tsiku lomwelo m'mawa ndinali nditamuimika makaniki amene anaitanidwa kudzakonza jenereta, mpaka ndinamutsegulitsa chikwama cha zipangizo. Mbava zenizeni zimaidziwa nkhani imeneyi kuposa tonse pano. Suti ndi chida chawo cha ntchito.

Aphunzitsi Opuma:
Achimwene, musadzione ngati opusa. Mu 1955 ku Austin, m'chigawo cha Texas, ofufuza anatuma bambo mmodzi kuti aziwoloka msewu pamene magetsi akuletsa oyenda pansi. Nthawi zina ankavala suti yosita ndi nsapato zopolisha, nthawi zina zovala zantchito zakuda ndi zazigamba. Anthu omwe ankamutsatira n'kuswa nawo lamulo anachuluka kuposa katatu pamene wavala suti. Munthu yemweyo, msewu womwewo. Anthu amaganiza kuti wovala bwino akudziwa chomwe akuchita.

Mayi Abusa:
Ngakhale m'kalata ya Yakobo, mutu 2, nkhaniyi ilimo: wa mphete yagolide ndi zovala zokongola amapatsidwa mpando wabwino, wosauka wa zovala zakutha amauzidwa kuti aime uko kapena akhale pansi. Ndipo ankalembera anthu opemphera, osati akunja. Koma ine ndili ndi mbali inanso. Ndinakula wosauka, ndipo amayi anga ankati umphawi si uve. Madzi ndi sopo, singano ndi ulusi. Munthu akhoza kuvala chigamba koma chosokedwa mwaudongo. Ndiye ndikuona kuti pa fomupo musachotseretu maonekedwe. Muzingoyang'ana ukhondo, osati mtengo wa chovala.

Nangozo:
Amayi, ndimalemekeza mawu amenewo, nanenso ndinaleredwa nawo. Koma ndiloleni ndinene zomwe zinandichitikira. Nditamaliza sukulu ndinali ndi bulauzi imodzi yoyenera kupita nayo kofunsira ntchito. Yoyera. Ndinkaichapa usiku, kuiyanika m'nyumba, m'mawa kuisita ikadali yonyowa. Nyengo ya mvula siinkauma, ndipo chovala chosauma bwino chimakhala ndi kafungo kena ngakhale uchape bwanji. Kenako ndiyende wapansi ola lathunthu. Pofika, m'khwapa mwanyowa, nsapato zatuwa ndi fumbi kapena zadzaza matope. Mnzanga wotsika m'galimoto akufika ngati wangotuluka m'bafa. Tonse tinasamba m'mawa womwewo. Wofunsa mafunso akalemba kuti ukhondo, akulemba za sopo kapena za galimoto?

Ndinaphunzira kunyamula kansalu kopukutira nsapato ndi kufika msanga kuti thukuta liume. Koma palibe anandiphunzitsa, ndinadziwa nditakanidwa kangapo.

Mayi Abusa:
Mwana wanga, apo ndilibe poyankha. Komabe pali ena osasamba enieni, ndipo si onse osauka.

Aphunzitsi Opuma:
Zomwe wanena Nangozo zandikumbutsa Adam Smith, katswiri wa zachuma wa ku Scotland. Mu 1776 analemba kuti shati ya nsalu ya linini si chinthu chomwe munthu angafe akachisowa, pakuti Agiriki ndi Aroma akale ankakhala bwinobwino opanda iyo. Koma m'nthawi yake, ngakhale waganyu wodzilemekeza ankachita manyazi kuonekera pagulu opanda shati yotero, chifukwa anthu akanamuyesa wosaukitsitsa, ndipo umphawi wotero ankauona ngati wobwera ndi khalidwe loipa. Taonani mawu a abwana a Nachisale: wolephera kudzisamala. Sanati wosauka. Umphawi anausandutsa khalidwe, monga momwe Smith anaonera zaka zoposa 200 zapitazo. Ndipo mzere wa chovala chosachititsa manyazi umasuntha. Anthu ambiri akakwanitsa shati, mzere umakwera kufika pa jekete. Akakwanitsa jekete, umafika pa jekete yokwana bwino m'mapewa.

Che Telala:
Umakwera mpaka pa tinthu tosagula ndi ndalama n'komwe. Suti yatsopano imabwera ndi kachikwangwani ka dzina kosokeredwa kunja kwa mkono wamanzere, ndiponso ulusi wopingasa womanga mpata wakumbuyo. Zonsezi n'zoyenera kudula usanavale. Koma ambiri ogula suti koyamba amasiya kachikwangwaniko dala kuti anthu aone kuti ndi yatsopano, ya dzina. Amene anakulira m'nyumba ya masuti akaona amamwetulira chamumtima. Ndiye munthu wawononga ndalama kuti abise komwe wachokera, kachikwangwani kamuulula.

China ndi mabatani. Chovala cha amuna mabatani amakhala kudzanja lamanja la wovala, cha akazi kumanzere. M'belo zimasakanikirana, ndipo ndaonapo anyamata ambiri atavala shati kapena jekete ya akazi osadziwa. Chinanso ndi simbi. Nsalu yakuda ukaisita mwachindunji ndi simbi yotentha imayamba kunyezimira m'misoko ndi m'matumba. Pamafunika kuyala kansalu konyowa pamwamba. Wakhama kwambiri posita ndi amene amaiwononga msanga, kenako anthu n'kumati suti yake yatha.

Amene muli ndi ana ofuna ntchito: kolala yodyeka timaitembenuza. Timaimasula, mbali yodyeka ipite pansi, yabwino ibwere pamwamba. Ndi ntchito yosakwana ola. Zimakanika pokhapo ngati kunsi kwake kuli timatumba tolowetsamo tizitsulo kapena timapulasitiki towongolera nsonga. Ndipo posankha jekete yesani mapewa poyamba, zina zonse tidzakonza.

Bambo a Tadala:
Mwaona? Che Telala akunena zomwe ndinanena ine. Njira zilipo, mnyamatayo sanazifune.

Nangozo:
Njira zilipo kwa amene wauzidwa. Inu za kutembenuza kolala mumazidziwa lisanafike lero?

Bambo a Tadala:
Ayi, koma ndikanafunsa. Ine mundinene bwanji, ndalembapo anthu ntchito, ndipo amene amabwera mosalongosoka nthawi zambiri ntchito yawonso imakhala yosalongosoka.

Aphunzitsi Opuma:
Mumadziwa bwanji, bambo, ngati ovala mosalongosokawo simumawalemba? Mumaona ntchito ya okhawo omwe munawatenga.

Bambo a Tadala:
Ena ndinawatengapo. Tisiyire pomwepo, sitigwirizana.

Kamwendo:
Nanga bwanji osangochita intaviyu pa foni, osaonana?

Nangozo:
Akaweruza kalankhulidwe ndi phokoso la kumbuyo. Koma n'chiyambi.

Aphunzitsi Opuma:
Nachisale, ngati abwana ako ndi omva, pempha zinthu ziwiri zokha. Mafunso apakamwa akhale ofanana kwa onse, mayankho oyembekezeka alembedweretu, ndipo aliyense wa inu alembe malikisi ake funso likangoyankhidwa, musanakambirane. Mukadikira kuti munthu atuluke, abwana akangotsegula pakamwa nonse mumatsata. Chachiwiri, mawu akuti maonekedwe achoke, m'malo mwake mulembe chomwe mukufunadi kuona, choti yankho lake ndi eya kapena ayi, ndipo chisapose malikisi 5. Sizichiritsa diso, koma zimalichepetsera malo olamulira.

Nachisale:
Zikomo nonse. Lero m'mawa ndinalimba mtima n'kukawaonetsa abwana masamu a Aphunzitsi aja, a 66 ndi 67. Anakhala chete kanthawi, kenako anati kalata yapita kale kwa wa suti ndipo sangaibweze, komanso mnyamatayo sanalakwe kanthu povala bwino. Apo sindinatsutse. Za fomu anati tidzaona pa msonkhano wa mwezi wamawa, koma 20 ija sakudziwa anaiika ndani, anaipeza ilipo. Ndawapempha kuti mapepala a wa jekete tisawataye, chifukwa mwina pakhala malo ena chaka chisanathe. Sanavomere, sanakane.

Chomwe sindinawauze n'chakuti siketi ndi jekete zomwe ndinavala tsiku la intaviyulo, nditakhala mbali yofunsa mafunso, nazonso ndi za m'belo. Ndinasankha m'mawa, ndipo telala anandibwezera m'chiuno.

Che Telala:
Mapewa anakwana okha?

Nachisale:
Anakwana okha, Che Telala. Ndinayesa zisanu ndisanaipeze.